Timabokosi ta pa pulani ya chitsulo: m'mene mmisiri amatiwerengera

Chitsulo chikhoza kukwana miyeso yonse ya kutalika, kutambalala ndi kuchindikala yomwe yalembedwa pa pulani, koma n'kukakanika kugwira ntchito chikamangidwa pa makina. Mmisiri ayeza bowo, lili bwino. Ayeza kuchindikala, kuli bwino. Koma atangomanga pule ija pa motala ya chigayo, lamba akuyamba kuwomba, beringi ikutentha, ndipo bawuti wachinayi akukana kulowa. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chitalembedwa kale pa pulani yomweyo, m'timabokosi ting'onoting'ono tomwe diso losazolowera limangotidumpha.

Timabokosi timeneti ndi ta dongosolo lotchedwa GD&T. Malamulo ake ali m'mabuku awiri akuluakulu: ASME Y14.5 la ku America, ndi ISO 1101 lomwe maiko ambiri amatsata. Kabokosi kalikonse kamawerengedwa kuchokera kumanzere. Chipinda choyamba chili ndi chizindikiro chonena chomwe chikuyezedwa. Chachiwiri chili ndi nambala ya kulakwika kololedwa, m'mamilimita. Zipinda zotsatira, ngati zilipo, zili ndi zilembo monga A, B ndi C, zomwe ndi maina a malo poyambira muyeso, otchedwa madatamu. Kamuvi kochokera pa kabokosiko kamaloza malo enieni omwe lamulolo likukhudza.

Chitsanzo chabwino ndi habu yogwira pule: chitsulo chozungulira chokhala ndi nkhope yosalala, bowo la shafuti pakati, mpata wa kiyi, ndi mabowo anayi a mabawuti. Pa pulani yake nkhope ija yapatsidwa chilembo A, bowo la pakati B, ndipo mpata wa kiyi C.

Kabokosi koyamba kaloza pa nkhope, ndipo kali ndi zipinda ziwiri zokha.

```
| ⏥ | 0.05 |
```

Chizindikiro cha mbali zinayi chopendekekachi chikunena za kuphwathalala kwa nkhope, kuti isakhale ndi chitunda, chigwa kapena kupindika. Tanthauzo lake n'lakuti nkhope yonse iyenera kukwana pakati pa magalasi awiri ongoganizira, ophwathalala ndendende, otalikirana mamilimita 0.05. Pepala wamba la mu ofesi limachindikala pafupifupi 0.1, choncho mpata wololedwawu ndi theka la pepala limodzi. Chilembo cha datamu palibe, ndipo sichiyenera kukhalapo, chifukwa nkhope ikuyerekezedwa ndi iyo yokha. Ikhoza kupendekeka poyerekeza ndi mbali zina za habu, koma lamulo ili silifunsa zimenezo.

Apa ndi pomwe maikoromita imanamiza anthu. Imayeza kuchindikala pa malo amodzi pa nthawi, ndiye chitsulo chomwe chapindika chonse chimaonetsa 12.00 paliponse pomwe chayezedwa, pamene chikaikidwa pa tebulo chikugwedezeka. Njira ina yofala ndi kugoneka habu pa tebulo lamwala loyezera n'kuyendetsa geji yokhala ngati wotchi pamwamba pake. Muyeso umenewo ukuyankha funso lina, lakuti nkhope ya pamwamba ikuyendera limodzi bwanji ndi ya pansi. Habu yomwe mbali ina ndi yochindikala pang'ono idzaoneka yolakwika ngakhale nkhope yake ili bwinobwino. Woyeza wodziwa amaikhazika pa timajeki titatu, n'kutisintha mpaka geji itawerenga chimodzimodzi pamwamba pa timajeki tonse titatu, kenako amayendetsa geji pa nkhope yonse n'kuona kusiyana kwa pokwera kwambiri ndi potsika kwambiri. Amayezanso chitsulo chitamasulidwa pa makina, chifukwa chitsulo chopyapyala chimawongoka chikapanidwa, n'kubwerera m'kupindika kwake chikangomasulidwa.

Kabokosi kachiwiri kali pansi pa muyeso wa mabowo anayi aja, ndipo ndi komwe kali ndi nkhani yambiri.

```
4X ⌀10.5 +0.2/0
| ⌖ | ⌀0.2 Ⓜ | A | B | C |
```

Mzere wapamwamba ukunena kuti bowo lililonse likule kuyambira 10.5 mpaka 10.7. Kabokosi ka pansi, ka chizindikiro cha bwalo lokhala ndi mtanda, kakunena za malo omwe bowo liyenera kukhala. Malo enieniwo amaonetsedwa ndi manambala otsekeredwa m'timabokosi tawotawo, mwachitsanzo 35 chopingasa ndi 35 chokwera kuchokera pakati pa habu. Nambala yotsekeredwa motero ilibe kuphatikiza kapena kuchotsera kwake, ndipo ndi kulakwitsa kuiika pansi pa malire wamba olembedwa m'munsi mwa pulani. Kulakwika konse kololedwa kuli mu ⌀0.2 uja: mzere wodutsa pakati pa bowo uyenera kukhala m'kati mwa kampope kongoganizira kotambalala 0.2, kuyambira pamwamba pa bowo mpaka pansi. Bowo lomwe layamba pamalo pake koma n'kupendekeka polowa likhoza kutuluka m'kampopeko kunsi.

Zilembo zitatu zija zimawerengedwa motsatana, chifukwa zikunena m'mene habu igwiridwire poyeza. Choyamba nkhope A ikhale pansi mokhazikika. Kenako bowo B lipereke pakati. Pomaliza mpata wa kiyi C uletse habu kuzungulira. Wojambula wasankha ndondomeko imeneyi potsata m'mene habu idzakhalire pa makina, ndipo woyeza akasinthanitsa zilembozo amapeza manambala ena.

Bowo limodzi layezedwa, ndipo pakati pake papezeka pa 35.08 chopingasa ndi 34.91 chokwera. Lasempha ndi 0.08 mbali ina ndi 0.09 mbali inayo. Manambala onsewa ali pansi pa 0.1, lomwe ndi theka la 0.2, ndiye wina akhoza kulivomera msangamsanga. Koma malo ololedwa ndi ozungulira, choncho chofunika ndi mtunda wachindunji kuchokera pa malo enieni, wochulukitsidwa kawiri.

```
2 × √(0.08² + 0.09²) = 0.24
```

Kuiwala kuchulukitsa ndi 2 ndi kulakwitsa kochitika pafupipafupi, ndipo kumachititsa bowo loipa kuoneka labwino. Apa yankho ndi 0.24, lopitirira 0.2. Kabokosi kakanakhala kopanda Ⓜ, habu ikanakanidwa.

Chilembo M cha m'bwalocho chikunena kuti 0.2 ndi malire a pamene bowo lili laling'ono kwambiri mololedwa, pa 10.5, pomwe chitsulo chatsala chochuluka. Bowo likakula, bawuti amapeza mpata wowonjezera, ndipo malire amakula ndi muyeso womwewo. Bowo ili layezedwa 10.6, lakula ndi 0.1, choncho malire ake afika 0.3, ndipo 0.24 ili m'kati. Habu ndi yabwino. Kumeneku si kuchitira chifundo chitsulo cholakwika ayi. Kuchotsa 0.2 pa 10.5 kumasiya 10.3, ndipo kuchotsa 0.3 pa 10.6 kumasiyanso 10.3. Mpata woti bawuti wa M10 adutsemo sunachepe. N'chifukwa chake mafakitale opanga zitsulo zambiri zofanana amasula geji ya mapini anayi otambalala 10.3 pa malo enieni aja: habu ikalowa pa mapini onse, malo a mabowo ali bwino, ndipo chatsala n'kuyeza kukula kwa bowo lililonse palokha.

Ganizo la malo ozungulirali limatchulidwa pamodzi ndi dzina la Stanley Parker, yemwe ankagwira ntchito pa fakitale ya zida za nkhondo ya pamadzi ku Scotland cha m'nyengo ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iye anaona kuti malire a kuphatikiza ndi kuchotsera amapanga malo a ngodya zinayi, omwe amalola bowo kusempha kwambiri cha ku ngodya kuposa cha m'mbali, pamene bawuti sasankha mbali. Bwalo lokhudza ngodya zinayizo ndi lalikulu ndi maperesenti 57 kuposa malo a ngodya zinayi aja, ndipo zitsulo zambiri zomwe zinkatayidwa zinali zoti zikanagwira ntchito.

Kabokosi kachitatu kaloza m'mphepete mwa habu, pomwe pule imakhala.

```
| ↗ | 0.05 | A | B |
```

Muvi umodzi wopendekeka ukunena za kuyepa kwa chitsulo chikamazungulira. Lamulo ili limafotokoza muyeso weniweni: habu izungulitsidwe pa mzere wa pakati pa bowo B, nkhope A itatsamira, geji itakhudza m'mphepete, ndipo singano ya geji isayende kupitirira 0.05 pa kuzungulira kumodzi. Singano ikatsika kufika pa −0.02 n'kukwera kufika pa +0.04, yayenda 0.06, ndipo habu yalephera. Nambala imeneyi siigawidwa pawiri. Komanso chilembo M chija sichiloledwa pa lamulo ili, ndiye mpata wowonjezera palibe. Muvi ukakhala umodzi, geji imayeza bwalo limodzi, n'kusunthidwa, n'kuyamba kuwerenga mwatsopano. Mivi ikakhala iwiri yolumikizidwa kunsi, geji imayenda m'litali monse popanda kuibwezera pa ziro, ndipo imagwiranso chitsulo chomwe chikuchepera kumapeto.

Chofunika kwambiri ndi pogwira. Mmisiri akapana habu cha kunja pa makina osemera zitsulo n'kuyeza mphepete yomwe wangoisema kumene, geji imangokhala phee, chifukwa mphepeteyo ikuzungulira pa mzere womwe inasemedwera. Muyeso woterowo sunena kanthu za bowo B. Habu iyenera kulowetsedwa pa mtanda wachitsulo wowongoka wothina bwino m'bowo, womwe nawo wayamba wayezedwa kuti sukuyepa.

Geji imapereka nambala imodzi, koma kayendedwe ka singano kamaulula chomwe chalakwika. Ikakwera kamodzi ndi kutsika kamodzi pa kuzungulira kumodzi, mphepete ndi yozungulira bwino koma pakati pake pasemphana ndi pakati pa bowo, ndipo kusemphanako ndi theka la nambala ya geji: 0.06 ikutanthauza 0.03. Izi zimachitika kawirikawiri habu ikamasulidwa n'kutembenuzidwa pakati pa kusema bowo ndi kusema mphepete. Ikakwera kawiri, mphepete yabulungika ngati dzira. Ikakwera katatu pa habu yopyapyala, nsagwada zitatu zopanira zinafinya kwambiri posema.

Pa motala wamba yozungulira pafupifupi maulendo 1,450 pa mphindi, kuyepa kumeneko kumakoka ndi kumasula lamba maulendo 24 pa sekondi iliyonse, ndipo beringi ndiyo imalandira nkhonya zonsezo. Kukonza kwake kumayambira pa dongosolo la kaseme: bowo B ndi nkhope A zisemedwe popanda kumasula chitsulo, kenako mphepete imalizidwe habu ili pa mtanda wolowa m'bowo lomwelo, ndipo mabowo anayi abooledwe pomaliza, miyeso yawo ikuyambira pa A, B ndi C monga kabokosi kanenera.