Sentimita imodzi imene imameza matumba anayi a simenti

Funsani anthu amene anamangitsapo nyumba kuti silabu ya pansi imadya simenti yochuluka bwanji, ambiri ayamba ndi kukufunsani kuti nyumbayo ndi ya zipinda zingati. Chikhulupiriro chake n'chakuti kukula kwa nyumba ndiko kumanena zonse. Kukula kumanenadi zina, koma konkire sayala ngati mphasa. Ali ndi mulitali, mulifupi ndi kuchindikala, ndipo pa zitatuzi chimene chimasaukitsa anthu ndi chachitatucho, chomwe ndi chaching'ono kuposa zonse.

Tiyeni titenge nyumba ya mamita 9 mulitali ndi mamita 7 mulifupi, silabu yake yochindikala mamilimita 100, imene amisiri amaitcha ya mainchesi anayi. Lamulo ndi limodzi lokha: miyeso yonse itatu ikhale m'mamita musanachulukitse. Mamilimita 100 ndi mamita 0.1, choncho 9 × 7 × 0.1 = 6.3, kutanthauza makiyubiki mita 6.3 a konkire. Amene amalemba 10 pamalo pa 0.1, poganiza za masentimita, amapeza 630, ndipo cholakwa chotere chimadziulula chokha chifukwa palibe nyumba yogona imene ingadye zimenezo. Choopsa ndi cholakwa chooneka ngati choona, monga kutenga miyeso ya m'kati mwa zipinda pomwe silabu idzakwera pamwamba pa makoma a maziko. Ngati makomawo ndi a mamilimita 230, m'kati mwa nyumba yathuyi ndi 8.54 × 6.54, ndipo konkire wake ndi pafupifupi 5.6 basi. Kusiyana kwa 0.7 kumeneko ndi matumba anayi kapena asanu. Tepi iyenera kudutsa pamene konkire adzafike, osati pamene anthu adzagone.

Chikhulupiriro china chimamveka chanzeru ndithu: ukafuna makiyubiki mita 7 a konkire, gula simenti, mchenga ndi miyala zoti zikaphatikizidwa zikwane 7. Sizitero. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga, ndipo ukathira madzi mulu wonse umaphwa. N'chifukwa chake owerengera zipangizo amachulukitsa konkire wofunikayo ndi 1.54 kuti apeze zouma zoti agule. Pa kasakanizidwe ka 1:2:4, ndiko kuti muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale, kiyubiki mita imodzi imafuna matumba a makilogalamu 50 asanu ndi limodzi ndi kachigawo, tinene 6.3, mchenga makiyubiki mita 0.44 ndi miyala 0.88. Pa 1:3:6 matumba amatsika kufika pa anayi ndi theka, koma konkire wake ndi wofooka, ndipo zosankha kasakanizidwe zisiyireni amene anajambula pulani, osati thumba lanu la ndalama.

Tsopano nkhani imene imayambanitsa eni nyumba ndi amisiri, ya zowonjezera. Mmisiri akanena kuti masamu apereka matumba 40 koma mugule 44, eni ake ambiri amaganiza kuti anayiwo akatulukira kuseri kwa mpanda. Simenti imabedwa, palibe angakane. Koma ngakhale pamalo pa anthu okhulupirika konkire amatayika. Posakanizira pansi pamatsala chikhakha chouma, wilibala imadontheza m'njira, wina amakanirira ku mafosholo, ndipo matabwa a m'mbali akapanda kukhomedwa bwino amaphulika n'kumwa konkire amene sanali m'masamu. Pa zimenezi amawonjezera 5 mpaka 10 pa 100 aliyense. Tikawonjezera 10 pa nyumba yathu, 6.3 × 1.1 = 6.93, tingoti 7. Ndiye matumba 44 kapena 45, mchenga makiyubiki mita atatu ndi pang'ono, miyala makiyubiki mita asanu ndi imodzi ndi pang'ono.

Koma palinso ena, amisiri ali momwemo, amene amakhulupirira kuti ukangowonjezera 10 pa 100 wathana nazo zonse. Ichi ndiye chikhulupiriro chimene ndimalimbana nacho kwambiri, chifukwa masamu ake ndi osavuta kuwaona. Pansi pa nyumba yathu ndi masikweya mita 63. Dothi lothiridwa m'maziko likatsika ndi sentimita imodzi yokha ponseponse, konkire wowonjezera ndi 63 × 0.01 = 0.63. Imeneyo ndiyo 10 pa 100 yonse ija, matumba anayi, yatha wilibala isanagubuduzike n'komwe. Sentimita imodzi diso siliiona pa malo aakulu chonchi, makamaka pamene dothi latsindiridwa ndi chigubu cha konkire kapena chipika, pena mwamphamvu pena mwaulesi. Pakakhala zidutswa za njerwa kapena miyala ikuluikulu yosaphimbidwa ndi mchenga, vuto limakula, chifukwa konkire amatsikira m'mipata n'kukadzaza malo amene dothi wamba likadadzaza.

Mankhwala ake ndi chingwe ndi tepi, dzulo lake la tsiku lothira. Kokani chingwe mothinitsa kuchokera mbali ina kupita mbali inayo, pa levulo pamene pamwamba pa silabu padzathere. Kenako yezani kuchokera pa chingwe kutsika pansi m'malo angapo: m'makona, m'mbali, komanso pakati pa chipinda chilichonse, pomwe nthawi zambiri pamakhala dzenje losaoneka. Tiyerekeze kuti mwayeza malo asanu ndi anayi, tepi ikuwerenga 100 m'makona, 110 m'mbali ndi 130 kapena kuposera pakati, ndipo mutaphatikiza n'kugawa mwapeza 115. Silabu yanu si ya 6.3 ayi, ndi 63 × 0.115, pafupifupi 7.2, zotayika tisanaziwerengere. Apa muli ndi njira ziwiri. Mutha kugula matumba okwana 48, zotayika za 5 pa 100 zili momwemo, kapena kuthira mchenga m'malo otsikawo, kuuwaza madzi, kutsindira, kuyezanso, kenako n'kuyala pepala lakuda la pulasitiki. Mawilibala ochepa a mchenga ndi otchipa kutalitali poyerekeza ndi kukwirira dzenje ndi konkire. Pansi pakasalala motere, zowonjezera zija zimagwira ntchito yake yeniyeni, ndipo 5 pa 100 akhoza kukwana.

Kuyeza kotereku kumagwiranso vuto la mbali inayo. Tepi ikawerenga 70 pamalo ena, ndiye kuti dothi latukuka, silabu idzapyapyala pamenepo, ndipo ming'alu imakonda kuyambira malo otere. Pakumbeni.

Tsiku lothira, werengani matumba opanda kanthu silabu ikafika pakati. Akhale pafupifupi 22. Akakhala 27, dziwani kuti simenti ikuthera panjira, ndipo munthu athamange kukagula dzuwa likadalipo. Akakhala 16, musasangalale, chifukwa ndiye kuti osakaniza akuchulutsa mchenga ndi miyala kapena silabu ikupyapyala. Anyamata otopa akaona matumba akutha amati tiwonjezere madzi kuti konkire achuluke. Madzi amangomufewetsa, n'kumuchotsa mphamvu, ndipo akauma pamwamba pamatuluka fumbi nthawi zonse mukasesa. Kuima pakati n'kupitiriza mawa nakonso kumasiya msoko pamene konkire wouma wakumana ndi wamuwisi. Zikavutitsitsa, ndi bwino kuimira pansi pa pamene padzadutse khoma, mutatchinga ndi thabwa lowongoka, kusiyana ndi kusiya konkire atayandama pakati pa chipinda chochezera.