Imelo yoitanira alendo ku mwambo wa katundu watsopano

Kampani ikamakonza mwambo woonetsa katundu watsopano, maso onse amakhala pa holo, chakudya ndi mlendo wolemekezeka. Imelo yoitanira anthu amaisiyira wina kuti ailembe mothamanga, chonsecho ndi imene imadzaza mipando. Ntchito yake yaikulu ndi kubweretsa yankho, chifukwa a hotela amafuna chiwerengero cha alendo tsiku lisanafike, ndipo kawirikawiri mumalipira mbale zimene munaitanitsa, kaya anthu abwera kaya ayi.

Tiyerekeze kuti kampani ina ya ku Blantyre yapanga mafuta ophikira atsopano, ndipo mwambo uli Lachinayi pa 19 Juni. Imelo ituluke kudakali masabata atatu, pa 29 Meyi. Mutu wake usangoti "Kalata yoitanira", popeza munthu amene walandira maimelo ambiri m'mawa umenewo adzaudumpha. Lembani kuti: "Mukuitanidwa: mafuta ophikira atsopano, 19 Juni, Blantyre". Mutu ukhale waufupi, chifukwa pa foni mawu akumapeto amadulidwa.

Mukalonjera mwaulemu, potchula munthuyo dzina ndi udindo wake, ndime yoyamba inene zonse: mwambo wanji, tsiku, nthawi ndi malo. Tsiku lilembedwe m'mawu. Mukalemba 6/7, mlendo wa ku Amereka adzawerenga 7 Juni pamene inu mukutanthauza 6 Julayi. Dzina la hotela palokha silikwanira, tchulaninso chipinda, chifukwa mahotela aakulu amachititsa misonkhano ingapo tsiku limodzi.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amajambulitsa khadi lokongola, zonse n'kuziika pa chithunzicho, imelo n'kungoti "onani chimene tamatiza". Mapulogalamu ena a imelo, monga Outlook, satsegula okha zithunzi zina mpaka wolandira atalola, ndipo munthu wa bandulo yochepa sangataye deta potsegula chithunzi cholemera. Komanso mawu a pa chithunzi sapezeka msanga munthu akamafufuza imeloyo m'mawa wa tsiku la mwambo, ali kale pa msewu. Khadilo litumizeni ndithu ngati mwalikonda, koma zonse zofunika zilembedwenso m'mawu wamba.

Ndondomeko ya mwambo isatalike. Ya kampani yathuyi ingakhale motere: kulembetsa mayina 9:00 m'mawa, pemphero ndi mawu olandira alendo 9:30, mawu a mkulu wa kampani 9:45, mlendo wolemekezeka kuvundukula katundu 10:15, mafunso a atolankhani 10:45, nkhomaliro 12:00. Mtolankhani akaona zimenezi amadziwa kuti 10:15 asaphonye, ndipo mwini golosale amadziwa nthawi imene adzabwerere ku ntchito yake. Nthawi yothera ndi yofunika ngati yoyambira. Dzina la mlendo wolemekezeka musalilembe ofesi yake isanavomere, pakuti kulengeza nduna kenako n'kubwera woiimira kumachititsa manyazi.

Tsopano za yankho. Zilembo za RSVP pazokha sizitulutsa yankho, anthu ambiri amaziona ngati zokongoletsera. Nenani mwachimvekere: "Chonde tiyankheni pofika Lachisanu pa 13 Juni, potiuza ngati mudzabwera, dzina la wodzakuimirani ngati simukwanitsa, ndi zakudya zimene simudya." Funso la zakudyali si lamwambo chabe, pali alendo achisilamu, a Seventh-day Adventist ndi odwala shuga. Perekani dzina la munthu mmodzi wolandira mayankho, imelo yake ndi nambala ya foni, popeza kuno ambiri amayankha msanga pa WhatsApp. Njira zikhale ziwiri, koma ndandanda ya mayina ikhale imodzi, apo ayi munthu adzawerengedwa kawiri. Nenaninso ngati kalatayo ndi ya munthu mmodzi, komanso ngati ochokera kutali mudzawabwezera ya thiransipoti. Nkhani imeneyi anthu amachita nayo manyazi polemba, koma ikasiyidwa imabuka pa khomo la holo.

Potumiza, ma adiresi onse musawaunjike pa To kapena Cc. Mukatero aliyense amaona anzake amene aitanidwa, ndipo mmodzi akangodina Reply All, yankho lake limafika kwa gulu lonse. Aikeni pa Bcc, kapena tumizani payekhapayekha, makamaka kwa akuluakulu. Yambani mwadzitumizira nokha, muitsegule pa foni, muone ngati tsiku ndi deti zikugwirizana pa kalendala.

Pofika pa 10 Juni akumbutseni okhawo amene sanayankhe. Chete si kuvomera ndipo si kukana, choncho pa 13 Juni tengani foni muwaimbire mmodzimmodzi musanapereke chiwerengero kwa a hotela.