Imelo ya kholo yopita kusukulu ku Mangalande: kuichotsa m'Chichewa, kuiika m'Chingerezi

Imelo imene kholo limalembera sukulu mwana akalephera kupita m'kalasi imakhala ya mizere yochepa, koma ku Mangalande imathera m'kaundula wa boma. Masukulu a kumeneko amaitana maina kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, ndipo mwana amene palibe amamulembera chilembo chosonyeza chifukwa chake. Chilembo I ndi cha matenda, M ndi cha mwana amene anapita kukaonana ndi dokotala pa nthawi yopanganiranatu, C ndi cha tchuthi chimene sukulu yavomereza chifukwa cha vuto lapadera, pamene O ndi cha kujomba kumene sukulu sinavomereze. Ngati chifukwa sichinadziwike amayamba alemba N, ndipo pakatha masiku 5 a sukulu popanda chifukwa chomveka, N uja amasanduka O. Kwa mabanja a Amalawi okhala m'mizinda ngati Manchester, Leicester ndi Luton, nkhani imabadwa m'Chichewa, koma kalaliki wa sukulu amasankha chilembo potengera mawu a Chingerezi amene afika pa kompyuta yake. Malamulo amene akunenedwa pano ndi a ku Mangalande kokha. Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi awoawo.

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi amene mwana wake wamkazi wa zaka 8 wadwala usiku wa Lamulungu. Atati alembe monga momwe akanalembera aphunzitsi a kwawo, kalata ikanamveka chonchi: "Zikomo aphunzitsi, muli bwanji? Ife kuno tili bwino pang'ono. Ndati ndikudziwitseni kuti mwana wanu sanadzuke bwino. Usiku wonse amasanza ndi kutsegula m'mimba, thupinso latentha, mwina ndi malungo. Akapeza bwino abwera. Pepani pokuvutitsani. Ndine mayi ake." M'Chichewa kalatayi ilibe cholakwika. Ndi yaulemu ndipo mphunzitsi wa ku Dowa kapena ku Mulanje angaimve yonse. Koma womasulira akangosandutsa liwu ndi liwu, ofesi ya sukulu imalandira uthenga wopanda dzina la mwana, wopanda kalasi, wopanda deti, komanso wokhala ndi ziganizo zimene zingawasokeretse.

"Mwana wanu" ndi ulemu wa kwathu, wopereka mwana m'manja mwa mphunzitsi, koma "your child" amamuchititsa kalaliki kuganiza kuti imelo yasochera. Pamenepa pafunika dzina lonse la mwana monga momwe linalembedwera m'kaundula, osati la panyumba, chifukwa ana ambiri ali ndi maina awiri. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mneni: "wadwala" ndi "wadwala" basi. Chingerezi chimafuna "he" kapena "she", ndipo womasulira amene sanafunse amatha kumusandutsa mtsikana kukhala mnyamata, kapena kusinthasintha pakati pa kalata. Pa sukulu imene banja lili ndi ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, kalakwitsidwe kameneka kangachititse kuti chilembo chigwere pa mwana wolakwika.

Mawu a matenda ndiwo amafuna kusamala kwambiri. "Sanadzuke bwino" akasanduka "did not wake up well" angamveke ngati mwana wagona mochedwa ndipo wachita ulesi, chimene si chifukwa chovomerezeka, kapena ngati mwana sakutsitsimuka, chimene chingawachititse mantha. Kutsegula m'mimba kuli ndi liwu lake limodzi, "diarrhoea", ndipo kusanza ndi "vomiting". Mawu awiriwa ali ndi ntchito yapadera, chifukwa malangizo a bungwe la zaumoyo la NHS amati mwana wosanza kapena wotsegula m'mimba asapite kusukulu mpaka patadutsa maola 48 chisiyireni. Sukulu ikaona mawuwa imadziwa kuti mwana sabwera masiku awiri, ndipo siidabwa. Kholo likabisa polemba kuti mwana "is not feeling well" chabe, ofesi imaimba foni m'mawa wotsatira kufunsa kuti ali kuti.

Liwu loti malungo ndilo lovuta kuposa onse. Pakamwa pa Amalawi ambiri, malungo ndi kutentha kwa thupi kulikonse kophatikizana ndi kuphwanya m'thupi, kaya munthu wayezetsa kaya ayi. "Malaria" m'Chingerezi ndi matenda amodzi okha otsimikizidwa poyeza magazi, ndipo ku Mangalande, kumene munthu sangawatenge polumidwa ndi udzudzu wa konko, liwuli limadzutsa mafunso: mwana anayenda liti, wapita kuchipatala chiti, dokotala wati chiyani. Womasulira wabwino amawafunsa mayi aja ngati mwana wayezedwa. Ngati sanayezedwe, amalemba zimene zikuoneka, "a high temperature", osati dzina la matenda longoganizira. Pali mbali inanso yosayenera kuinyalanyaza. Ngati banja langobwera kumene kuchokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique m'miyezi yapitayi, kutentha thupi kungakhaledi malungo enieni, ndipo mwana ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo, atauzidwa za ulendowo. Imelo ya kusukulu ingadikire ola limodzi.

"Akapeza bwino abwera" ndi zoona, koma sukulu imafuna tsiku. Mawu onga dzulo, lero ndi mawa nawonso amasokoneza, poti imelo yolembedwa usiku imawerengedwa m'mawa, mawa lija litasanduka lero. N'chifukwa chake womasulira amaika dzina la tsiku ndi deti. Ngati mwana wasanza komaliza 5 koloko m'bandakucha wa Lolemba pa 10 Malichi, maola 48 akwana m'bandakucha wa Lachitatu pa 12. Kalata ija ikakonzedwa imatuluka chonchi:

```
Subject: Absence - DZINA LA MWANA, Year 4, Monday 10 March

Dear School Office,

My daughter DZINA LA MWANA in Year 4 will be absent today, Monday 10 March,
and tomorrow. She has had vomiting, diarrhoea and a high temperature
since last night. She last vomited at 5 am today. If she has no further
symptoms, she will return on Wednesday 12 March.

Kind regards,
DZINA LA KHOLO, mother
NAMBALA YA FONI
```

Malonje atsala, kupepesa kwatsalanso. Makolo ena zimawapweteka, amaona ngati alemba mwamwano. Koma ulemu wa m'maofesi a ku Mangalande wonse uli m'mawu oyamba ndi otsiriza aja, ndipo kalaliki amene akuwerenga maimelo ambiri nthawi ya kaundula isanathe amathandizidwa akapeza dzina, kalasi ndi deti pa mzere wa mutu. Masiku awiriwa m'kaundula ndi zigawo 4, zonse za chilembo I. Malangizo a unduna wa zamaphunziro amati masukulu asamafune kalata ya dokotala pa matenda aliwonse, kupatula pamene pali chifukwa chenicheni chokayikira, choncho imelo yomveka bwino nthawi zambiri imakwanira. Iyenera kuchokera pa adiresi ya kholo imene sukulu ikuidziwa, ngakhale wamasulira ndi mnzawo wa kutchalitchi. Masukulu ena amafuna kuti tsiku loyamba kholo liimbe foni kapena lilembe pa pulogalamu yawo ya pafoni, ena amafuna uthenga tsiku lililonse. Zimenezi zimalembedwa m'ndondomeko ya sukulu iliyonse. Kumupatsa mwana wamkulu kuti amasulire kalata yokhudza iye yemwe si nzeru, chifukwa kholo limasainira mawu amene silinawamve.

Pa matenda kholo limangodziwitsa. Pa maliro limapempha, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kumudzi, Mmalawi saona ngati pali choti apemphe, amangoti "tikupita kumaliro". Koma ku Mangalande tchuthi cha pakati pa temu amapereka ndi mphunzitsi wamkulu yekha, pa zifukwa zapadera, ndipo pempho liyenera kufika ulendo usanayambe. Womasulira akalemba "I am informing you that we are travelling", wangodziwitsa. Choyenera ndi "I am writing to request leave of absence in exceptional circumstances", mawu omwewo amene malamulo amagwiritsa ntchito. Liwu loti "holiday" lisapezekemo n'komwe, ngakhale "tchuthi" limakokera kumeneko, chifukwa ulendo wokasangalala wosavomerezedwa uli ndi chilembo chake, G.

Ubale wa womwalirayo uyenera kumveka molondola, poti mphunzitsi wamkulu amauyang'ana posankha. "Amayi aakulu amwalira" akamasuliridwa "her big mother has died" kapena "her mother has died", sukulu imaganiza kuti mwana waferedwa mayi wom'bereka, ndipo choonadi chikadzadziwika kholo limaoneka ngati linanama pomwe silinaname. Koma kungolemba "aunt" nakonso kumachepetsa, chifukwa kwa Mngerezi ameneyo angakhale wachibale wapatali. Njira yabwino ndi kutchula ubale mwa Chingerezi n'kuwonjezera chiganizo chimodzi chofotokoza, mwachitsanzo kuti ndi mkulu wa mayi ake amene anamulera mwanayo mpaka zaka 5, ngati zinalidi choncho. Ulemu wa "agogo atisiya" nawo usasanduke "they have left us", pakuti zingamveke ngati anthu angapo asamuka. Kumanga chiliza, kumene kumachitika patapita miyezi kapena zaka, kusatchulidwe kuti ndi maliro. Sukulu imakuona ngati mwambo umene ungakonzedwe kuti ugwe m'nyengo yotsekera.

Kenako pamabwera kuwerenga masiku. Palibe ndege yochoka ku London kukatera ku Lilongwe kapena ku Blantyre mosaima penapake, ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo pambuyo pake pali ulendo wa pamsewu wopita kumudzi. Kalata yabwino imatchula zimenezi, pamodzi ndi tsiku lonyamuka, tsiku loika maliro ndi tsiku limene mwana adzakhale m'kalasi. Banja likapempha masabata awiri, ndiye masiku 10 a sukulu, kapena zigawo 20. Mphunzitsi wamkulu angavomereze onse, angavomereze ena, angakanenso. Atavomereza masiku 5 okha, banja n'kukhalabe masiku onse 10, zigawo 10 zotsalazo zimakhala zosavomerezeka. Chiyambire Ogasiti 2024, zigawo 10 zotere m'masabata 10 a sukulu ndiwo malire amene sukulu iyenera kuganizira za chindapusa. Chindapusacho ndi mapaundi 80 chikalipidwa m'masiku 21, ndipo chimakwera kufika 160 chikalipidwa m'masiku 28. Chimawerengedwa pa kholo lililonse ndi pa mwana aliyense, moti bambo ndi mayi a ana awiri angalipire mapaundi 320. Zikachitikanso kachiwiri m'zaka 3 pa mwana yemweyo, mtengo umayambira pa 160, ndipo kachitatu khonsolo imaganizira njira zina, kuphatikizapo khoti, pansi pa lamulo la maphunziro la 1996.

Yankho la sukulu nalonso limafuna womasulira. "Thank you for letting us know" tanthauzo lake ndi lakuti uthenga wafika, osati kuti pempho lavomerezedwa. Mawu oyenera kuwafunafuna ndi "authorised" kapena "unauthorised", pamodzi ndi madeti amene atchulidwa. Ngati yankho silinatchule, kholo lili ndi ufulu wolembanso mzere umodzi wofunsa masiku amene avomerezedwa ndi chilembo chimene chilembedwe. Ndege ikachedwa kapena tsiku loika maliro likasintha banja lili kale ku Malawi, pamafunika imelo ina tsiku lobwerera lija lisanafike, yotchula deti latsopano ndi chifukwa chake, itaphatikizidwa ndi uthenga wa kampani ya ndege ngati ulipo.