Mizati kapena Madontho: Poyerekeza Zipatala 30

Tinene kuti mukufuna kuonetsa mphindi zimene odwala amadikira pa zipatala 30, ndipo mayina ake ndi aatali ngati Chipatala Chachikulu cha Queen Elizabeth. Mukajambula mizati yoimirira, mayinawo amapanikizana pansi mpaka kupendekeka, wowerenga n'kumakhotetsa khosi. Choyamba gonekani chithunzicho: mayina akhale kumanzere, lililonse pamzere wake, kuyambira chipatala chodikiritsa kwambiri kutsika m'munsi.

Vuto lina limatsalabe. Mzati umanena nambala ndi kutalika kwake, choncho uyenera kuyambira pa 0. Ngati zipatala zonse zili pakati pa mphindi 70 ndi 95, mizati 30 ija imaoneka pafupifupi yofanana, inki yokhayokha. Mukaidula kuti iyambire pa 60, mzati wa 90 umatalika katatu kuposa wa 70, ndipo limenelo ndi bodza.

Dontho silinena ndi kutalika, limanena ndi malo amene laima. Ndiye mungayambire pa 60 popanda kunamiza munthu, bola manambala alembedwe bwino m'munsi. William Cleveland, katswiri wa ziwerengero, analimbikitsa njirayi m'ma 1980. Ikani kamzere kosawala kochoka pa dzina kudutsa pa dontho mpaka kumapeto, kuti diso lisasochere. Ine mizati ndimaisungira zinthu zochepa zosiyana kwambiri, monga odwala 40 kuyerekeza ndi 900.