Ndalama ya mawa ndi zingati lero? Kawerengedwe ka chiwongoladzanja pa bizinesi yokayikitsa

Tiyerekeze kuti anthu akutsegula munda wa mitengo ya makadamiya ku Ntchisi, ndipo akupempha munthu wina kuti aikemo mpamba wa madola 100,000. Akumuuza kuti pakatha zaka 8, mitengo ikamabereka bwino, gawo lake lidzagulitsidwa pa madola 400,000. Kumva kwake n'kokoma: ndalama yabereka kanayi. Koma munthu wodziwa za chuma safulumira kusaina. Amayamba wafunsa kuti madola 400,000 odzabwera patsogolowo, omwenso mwina sadzabwera, ndi ofanana ndi ndalama zingati zogwira m'manja lero.

Kuti ayankhe, amasankha chiwongoladzanja chimene angakhutire nacho pachaka, n'kugwiritsa ntchito chimenecho kubweza ndalama ya m'tsogolo chaka ndi chaka mpaka ifike lero. Chikakhala 10 peresenti, madola 110 a chaka chamawa ndi madola 100 a lero. Nkhani yonse yagona pa kasankhidwe ka nambala imeneyi, chifukwa kuisuntha pang'ono chabe kumatha kusandutsa bizinesi yabwino kukhala yoluza, papepala pomwepo.

Njira yodziwika kwambiri yopezera nambalayi imatchedwa CAPM. Anaifotokoza ndi William Sharpe wa ku America mu 1964, potsatira ntchito ya Harry Markowitz ya mu 1952 yonena za kumwaza ndalama m'malo osiyanasiyana. John Lintner ndi Jan Mossin anafikanso pa mfundo yomweyo paokhapaokha. Mu 1990 Sharpe ndi Markowitz analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Merton Miller. M'mabuku imalembedwa chonchi:

r = rf + β × (rm − rf)

Zilembozi zisakuopseni. Choyamba, rf, ndi phindu limene munthu angapeze popanda mantha otaya ndalama zake. Pa madola, anthu amatenga chiwongoladzanja chimene boma la America limalipira likakongola ndalama kwa zaka 10, poti boma limenelo limakongola m'ndalama yakeyake ndipo silikayikiridwa kwenikweni. Pa chitsanzo chathu tiike 4 peresenti. Chachiwiri, rm − rf, ndi phindu lowonjezera limene anthu amafuna kuti alolere kuika ndalama m'masheya m'malo mokongoza boma. Akatswiri sagwirizana pa nambala imodzi, koma ambiri amazungulira pakati pa 4 ndi 6 peresenti. Ife titenge 5.

Chachitatu, beta, ndiye mtima wa njira yonseyi, ndipo ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Beta siyeza kuopsa konse kwa bizinesi. Imayeza mmene sheya la kampani limatsatirira msika wonse ukamakwera kapena kutsika. Beta ikakhala 1, sheyalo limayenda limodzi ndi msika. Ikakhala 1.2, msika ukatsika ndi 10 peresenti, ilo nthawi zambiri limatsika ndi 12. Chifukwa chake n'chakuti zoopsa zili mitundu iwiri. Mlimi wa minda khumi m'midzi yosiyana sadandaula kwambiri mbuzi zikalowa m'munda umodzi, poti minda inayo imakwirira. Koma chilala chikagwa dziko lonse, minda khumi yonseyo imauma. CAPM imati msika sulipira munthu chifukwa cha mbuzi, popeza akanatha kudziteteza pomwaza ndalama zake. Umamulipira chifukwa cha chilala chokha.

Tikaika beta ya 1.2, kuwerengera kwake n'kwapafupi: 1.2 kuchulukitsa ndi 5 ndi 6, kuwonjezera 4, tapeza 10 peresenti. Kuchulukitsa 1.10 kasanu n'katatu kumapereka pafupifupi 2.14, choncho madola 400,000 aja lero ndi pafupifupi 186,600. Poyerekeza ndi 100,000 imene akupempha, munthu angathamangire kubanki.

Koma beta ya munda woti sunabzalidwe n'komwe imachokera kuti? Palibe poiwerengera, chifukwa mundawo ulibe masheya ogulitsidwa pamsika. Amachita kubwereka ya makampani a ulimi ofanana nawo a kunja, n'kuikonza molingana ndi ngongole, poti kampani ya ngongole zambiri imakhala ndi beta yokwera kuposa inzake ya ntchito yomweyo. Wina angati bwanji osatenga ya makampani a pa msika wa masheya wa ku Blantyre, umene kampani yake yoyamba, NICO, inalowapo mu 1996. Vuto n'lakuti pa msika waung'ono masheya ena amatha masiku osagulidwa, mtengo uli chiimire. Kompyuta ikaona mtengo wosasuntha imapereka beta yotsika, ngati kuti kampaniyo ndi yodekha, pamene chilungamo chake n'chakuti palibe amene anagula kapena kugulitsa. Beta yotsika modabwitsa ya sheya losagulidwagulidwa ndi yofunika kuikayikira.

Ndiye 10 peresenti ija ndi ya kampani yokhazikika m'dziko la chuma chokhazikika. Munda wathu uli ku Malawi, kumene ndalama zakunja zimasowa ndipo malamulo a kasinthidwe ka ndalama amatha kusintha munthu uli pakati pa ntchito. Apa amawonjezera gawo la chiopsezo cha dziko. Kawirikawiri amayang'ana kusiyana kwa chiwongoladzanja chimene boma la dzikolo, kapena maiko ofanana nalo, limalipira pa ngongole ya madola poyerekeza ndi cha boma la America. Aswath Damodaran wa pa yunivesite ya New York amatulutsa mndandanda wa nambala zoterezi chaka ndi chaka, ndipo ambiri amayambira pamenepo. Pongofuna kuphunzira, tiike 6. Tafika pa 16 peresenti, ndipo madola 400,000 atsika kufika pafupifupi 122,000. Phindu lidakalipo, koma lachepa.

Tsopano pabwera gawo limene ine ndimalikayikira kwambiri. Mwini ndalama amati: bizinesiyi ndi yatsopano, oiyendetsa sanayesedwe, ndipo nditafuna kutulukamo m'chaka chachitatu gawo langa silingapeze wogula. Zonsezi n'zoona, ndipo CAPM siziwerengera. Choncho amawonjezera 4 peresenti ina, kufika pa 20. Mtengo wa lero wa madola 400,000 ukhala pafupifupi 93,000, kuchepera pa 100,000 imene akupempha. Munda wakanidwa.

Funso n'lakuti 4 ameneyu wachokera kuti. Zigawo zinazo, ngakhale zili zokanganirana, zili ndi poyambira pooneka. Uyu nthawi zambiri amachokera m'mutu mwa wowerengerayo, ndipo amene akufuna kugula motchipa amamukweza, wogulitsa n'kumutsitsa. Pali njira yomuyesera, ndipo ndi yosavuta. Gawani 93,000 ndi 122,000, mupeza pafupifupi 0.76. Ndiye kuti kuwonjezera 4 peresenti pa zaka 8 n'chimodzimodzi kunena kuti pa minda inayi yotere, umodzi udzafa osabweza ngakhale tambala. Mawu amenewo munthu angawatsutse kapena kuwavomereza, angafunse alangizi a zaulimi, angayendere minda ya ku Thyolo n'kuona kuti yomwe inayamba chonchi inatha bwanji. Koma "4 peresenti" payokha ilibe pogwira.

Taonaninso mmene nthawi imasinthira tanthauzo lake. Pa bizinesi ya chaka chimodzi, monga kugula soya pokolola n'kudzagulitsa mtengo ukakwera, 4 yemweyo akutanthauza kuti mpata wolephera ndi pafupifupi 3 peresenti basi. Pa ndalama yodzabwera pakatha zaka 20, akudula pafupifupi theka. Kuwonjezera pa chiwongoladzanja kumatenga ngati chiopsezo chimabwera mofanana chaka chilichonse mpaka kalekale. Munda wa mitengo suli choncho. Nthawi yoopsa ndi yoyambirira, pamene mbande zingaume, madzi angasowe, mpamba ungathe mitengo isanabereke. Mitengo ikakula, chiopsezo chimenecho chatha, kwatsala cha mtengo wa mtedza pa msika wa dziko lonse. Kulanga zokolola za chaka cha 15 chifukwa cha mbande za chaka chachiwiri ndi kulakwitsa masamu, ndipo kumapangitsa anthu kuthawa ntchito zochedwa kubereka n'kumangokonda zogula ndi kugulitsa.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalangiza kuti chiopsezo cha kulephera chiikidwe pa ndalama zoyembekezeredwazo, osati pa chiwongoladzanja. Madola 400,000 aja ndi nambala ya eni munda, ya zinthu zikayenda bwino. Tiyerekeze kuti titafufuza taona kuti mpata woti zichitike choncho ndi 60 peresenti, woti gawolo lidzangogulitsidwa 200,000 ndi 25 peresenti, ndipo woti zonse zilowe m'madzi ndi 15 peresenti. Tikaziphatikiza molingana ndi mipatayo, 240,000 kuwonjezera 50,000, tipeza 290,000. Tikabweza imeneyi pa 16 peresenti, ikhala pafupifupi 88,500. Yankho silinasinthe, 100,000 yachuluka, koma tsopano pali zokambirana. Eni munda angaonetse kuti ali ndi chitsime ndi mapaipi othirira, mpata wolephera n'kutsika, kapena angapereke gawo lokulirapo pa ndalama yomweyo.

Cholakwika chofala ndi kuchita zonse ziwiri. Munthu atsitsa ndalama kufika 290,000, kenaka n'kuibwezanso pa 20 peresenti, n'kupeza pafupifupi 67,400. Pamenepo chiopsezo chimodzi chawerengedwa kawiri. Mukamawerenga lipoti la mtengo wa bizinesi, funsani ngati ndalama zolembedwazo ndi za zinthu zikayenda bwino kapena zotsitsidwa kale. Amene amaika ndalama m'makampani ongoyamba kumene ku America amatchula chiwongoladzanja cha 30 mpaka 50 peresenti, nthawi zina kuposa apo. Sikuti amapezadi phindu lotero pa ndalama zawo zonse. Amagwiritsa ntchito nambala yaikulu chifukwa akuibweza pa maloto a mwini kampani, amene sanatsitsidwe.

Sindikunena kuti kuwonjezerako kulibe malo. CAPM imaganizira munthu amene wamwaza chuma chake m'makampani ambiri. Mphunzitsi wopuma ntchito amene waika penshoni yake yonse m'munda umodzi sali choncho: munda ukafa, palibe china chomugwiriziza, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chofunira phindu lokwera. Kuvuta kwa kugulitsa gawo lako ndi mtengo weniweninso. Ndipo beta yokhayo ili ndi otsutsa: mu 1981 Rolf Banz anaonetsa kuti masheya a makampani ang'onoang'ono ku America ankapindula kuposa mmene CAPM imanenera, ndipo mu 1992 Eugene Fama ndi Kenneth French anapeza kuti beta payokha sifotokoza bwino kusiyana kwa phindu la masheya.

Zonsezi tawerengera m'madola, poti makadamiya amagulitsidwa kunja. Bizinesi ikakhala yolandira makwacha, chiwongoladzanja chake chiyeneranso kukhala cha makwacha, ndipo amene anaona kwacha ikutsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 safunika kumuuza chifukwa chake. Kusintha kwake kumatsatira kukwera kwa mitengo ya zinthu m'maiko awiriwo. Ngati tikuyembekezera 25 peresenti kuno ndi 3 ku America, timachulukitsa 1.16 ndi 1.25, n'kugawa ndi 1.03, n'kupeza pafupifupi 41 peresenti. Ena amayambira pa chiwongoladzanja cha ngongole za boma la Malawi zimene Banki Yaikulu imagulitsa, za masiku 91, 182 kapena 364. Kutero n'kololedwa, bola akumbukire kuti m'nambala imeneyo muli kale kukwera kwa mitengo ndi kukayikira kwa msika pa boma lomwelo, choncho gawo la chiopsezo cha dziko lisawonjezeredwenso pamwamba pake.