Zimene wogula angaone pa chiwaya asanagule tchipisi

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anthu ambiri ogwira ntchito m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amalunjika pa chiwaya kukagula tchipisi, nkhuku yokazinga kapena kanyenya. Ambiri amasankha poona kukula kwa mulu ndi mtengo wake. Koma mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu 2022, n'kupha anthu oposa 1,700, unakumbutsa anthu kuti chakudya ndi madzi zingabweretse matenda oopsa ngakhale zikuoneka bwino. Tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba sitioneka ndi maso ndipo sitinunkha. Chimene chimaoneka ndi njira imene timadzera, ndipo wogula angaione ngati ataima kwa mphindi zochepa asanatulutse ndalama.

Choyamba kudziwa n'chakuti tchipisi zongowuulidwa kumene m'mafuta sizikhala zoopsa kwenikweni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chakudya chikatentha kufika madigiri 70 mkati mwake monse, pafupifupi tizilombo tonse timafa, pamene mafuta okazingira tchipisi amafika madigiri 170 kapena kuposerapo. Choopsa chimabwera chakudya chikachoka pamoto, ndipo nthawi zambiri chimadzera m'manja mwa wogulitsa. Ndalama zamapepala zimadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Ngati dzanja limene lalandira ndalama ndi lomwelo likutapa kabichi, kutsina mchere ndi kugwira ntchafu ya nkhuku yophika, moto sunathandize kanthu. Pa chiwaya chabwino pamakhala anthu awiri, wina wa ndalama, wina wa chakudya, kapena wogulitsa amatapa chilichonse ndi chipande kapena foloko. Jumbo lovala kudzanja limathandiza pokhapokha ngati likuvulidwa polandira ndalama. Wogulitsa amene amauzira mpweya m'jumbo kuti litseguke amaika malovu ake mmene mukulowa chakudya.

Mpeni ndi thabwa nazo ziyenera kuyang'anitsitsidwa. Nkhuku yaiwisi kawirikawiri imakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Tizilomboti timafa nkhukuyo ikakazingidwa, koma ngati mpeni umene unaidula wadulanso tomato ndi anyezi usanatsukidwe ndi sopo, timasamukira mu saladi. Saladiyo safika pamoto, choncho ndi iye amene ali woopsa kwambiri pa mbale yonse ya tchipisi. Nkhuku nayo ikhoza kupsa kunja mkati muli mwaiwisi: ikaoneka yofiira pafupi ndi fupa kapena ikamatulutsa madzi a magazi, iyenera kubwerera m'chiwaya.

Chachiwiri ndi madzi. Beseni limodzi limene aliyense amaviikamo manja siliyeretsa munthu, chifukwa litsiro la wogula woyamba limadikira amene akubwera pambuyo. Kusamba m'manja koyenera kumafuna madzi oyenda, a pampopi, a m'ndowa yokhala ndi kampopi kapena othiridwa ndi kapu, pamodzi ndi sopo. N'chimodzimodzinso ndi mbale ndi mafoloko. Pamafunika beseni la sopo ndi lina lotsukuluzira, ndipo madzi ake azitayidwa akangoyamba kuda. Madzi otuwa, oyandama mafuta ndi nyenyeswa za kabichi, amangopaka litsiro pa mbale iliyonse. Wogula aonenso kumene madziwo akuchokera. Madzi otungidwa mumtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, ngakhale atayera m'chigubu, sayenera kutsukira ndiwo zodyedwa zaziwisi. Pamene gwero la madzi silikudziwika, nzeru ndi kugula tchipisi zotentha popanda saladi.

Chachitatu ndi mafuta, ndipo vuto lake ndi la mtundu wina. Mafuta akale sapatsa munthu kolera, chifukwa palibe kachilombo kangakhale ndi moyo pa kutentha kotero. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amasakanikirana ndi mpweya komanso madzi a mbatata, n'kuwonongeka. Akatero mumapangika zinthu zimene akatswiri a zakudya amati zingawononge mtima ndi mitsempha ya magazi ngati munthu akuzidya kwa nthawi yaitali. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi munthu amene amadya pa chiwaya tsiku lililonse la ntchito. Mafuta otopa amazindikirika mosavuta. Amada, amanata ngati uchi akamatsika pa chipande, amachita thovu limene silitha msanga, amafuka utsi woyabwa m'maso ngakhale moto usanakule, ndipo fungo lake limakhala lowawasa. Tchipisi zake zimada kunja zisanapse mkati, ndipo zimatuluka zolobodoka. Kuthira mafuta atsopano pamwamba pa akalewo kumangochepetsa kudako, koma zowonongekazo zimatsalamo.

Chachinayi ndi kuyenda kwa malonda, pakuti chakudya chophikidwa bwino chimawonongeka ndi nthawi. Pakati pa madigiri 5 ndi 60, tizilombo tina timachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tiyerekeze kuti nthuli ya nkhuku yawuulidwa nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndipo dzanja kapena ntchentche yasiyapo tizilombo 100. Pofika 11 koloko tingakhale 800, pofika 12 koloko 6,400, ndipo pofika 2 koloko masana tingapose 400,000, nthuliyo ikuonekabe ngati mmene inalili m'mawa. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda chosatenthedwa kupitirira maola awiri. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, tizilomboti timachulukana mofulumira kuposa m'nyengo yozizira.

Ogulitsa ambiri amabwezera chakudya chozizira m'mafuta kwa kanthawi wogula akafika. Izi zimathandiza pokhapokha ngati chatentha mpaka mkati, ndipo ngakhale zitatero sizithetsa vuto lililonse. Pali tizilombo tina, timene timakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'zilonda za anthu, timene timasiya poizoni m'chakudya tikachulukana. Poizoniyo satha ndi moto, ndipo amasanzitsa munthu patangopita maola ochepa. Choncho wogulitsa amene ali ndi chilonda chosamanga pa chala ndi woyenera kumupewa.

Zinthu zinayizi zimaoneka bwino poyerekeza ziwaya ziwiri zoyandikana pa depoti ya mabasi. Pa choyamba pali mulu waukulu wa tchipisi ndi nkhuku m'mphepete mwa chiwaya, palibe mzere, ndipo chakudya chimaperekedwa nthawi yomweyo. Pa chachiwiri mulu ndi waung'ono, anthu asanu akudikira, ndipo mbatata zikulowa m'mafuta iwo akuona. Munthu wofulumira amakopeka ndi choyambacho, koma mulu waukulu popanda ogula umasonyeza kuti chakudyacho chakhalitsa. M'mphepete mwa chiwaya mumafunda koma simutentha kufika madigiri 60, ndiye kutentha kumene tizilombo timakonda. Mzere wa pa chiwaya chachiwiri umasonyeza kuti tchipisi sizikhalitsa. Komabe mzerewo sunena kanthu za manja, mpeni kapena madzi, ndipo mphindi zodikirazo ndi zokwanira kuti wogula aziyang'ane.

Kuyang'ana kuli ndi malire ake. Wogula sangaone mmene nyama inasungidwira usiku, ndipo munthu akhoza kufalitsa taifodi iye asakudwala. Amene wadya n'kuyamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa madzi a Thanzi ORS nthawi yomweyo ndi kuthamangira kuchipatala, chifukwa kolera ingathe kupha munthu m'maola ochepa madzi akatha m'thupi.