Kalata Yodandaula Foni Ikawonongeka Waranti Isanathe

Waranti ndi lonjezo la wopanga foni, kapena wogulitsa, loti foniyo ikavuta yokha mkati mwa nthawi yoikika adzaikonza mwaulere kapena kupereka ina. Pa mafoni ambiri atsopano nthawiyo ndi miyezi 12 kuwerengera tsiku logula, ngakhale kuti chaja, batire ndi mahedifoni nthawi zambiri zimapatsidwa miyezi yochepa. Wogula amene foni yake yayamba kuvuta amathamangira kusitolo n'kukafotokoza pakamwa, ndipo yankho lomwe amalandira n'lodziwika: abwana atuluka, bwerani mawa. Mawa lotere likhoza kukoka mpaka miyezi 12 ija itakwana, kenako wogulitsa n'kunena kuti waranti inatha. Kalata imatsekereza mpata umenewo, chifukwa imasonyeza tsiku limene vutolo linanenedwa.

Asanalembe, wogula amasonkhanitsa zinthu zitatu. Choyamba ndi lisiti losonyeza tsiku, mtengo ndi dzina la sitolo. Malisiti a pamakina amafufutika pakapita miyezi ingapo, choncho ndi nzeru kulijambula kapena kupangitsa fotokope tsiku lomwelo logula. Chachiwiri ndi khadi la waranti, limene limabwera m'bokosi ndipo masitolo ena amadindapo chidindo. Chachitatu ndi nambala ya IMEI, ya manambala 15, imene imasiyanitsa foniyo ndi ina iliyonse ya mtundu womwewo. Imatuluka pa sikirini munthu akaimba *#06#, komanso imalembedwa pa kapepala ka pabokosi. Foni ya masimu khadi awiri imakhala ndi ma IMEI awiri. Ngati foni yaferatu osayakanso, bokosi ndilo limapulumutsa, ndipo n'chifukwa chake si chinthu chopatsa ana kuti aziseweretsa.

Nambala imeneyi iyenera kufanana paliponse: pafoni, pabokosi ndi pa khadi. Ikasiyana, wogulitsa ali ndi mpata wonena kuti foni imeneyi sinachokere mu sitolo yake.

Palinso funso limene wogula ayenera kudzifunsa moona: kodi vutoli ndi la waranti? Waranti imateteza ku zolakwika za kufakitale, monga foni yozima yokha, yokana kulowa moto, yosaona simu khadi, kapena sikirini yotuluka mizere foni isanagwepo. Siteteza sikirini yosweka, foni yogwera m'madzi, kapena imene inatsegulidwa kale ndi mmisiri wa pamsika. Akatswiri amazindikira zimenezi mosavuta. M'mafoni ambiri muli kachizindikiro koyera kamene kamafiira kakakhudzana ndi madzi, ndipo zomata za mkati zikang'ambika zimaulula kuti munalowa sikuludiraiva. Apa m'pamene ambiri amatayira ufulu wawo: foni ikangovuta amapita nayo kwa wokonza wa pakhonde kuti angoiona, osadziwa kuti kuiona komweko kwathetsa waranti.

Kalatayo imalembedwa ngati kalata ya ntchito: keyala ya wolemba ndi tsiku pamwamba, keyala ya sitolo kumanzere, malonje, mutu, kenako nkhani. Chitsanzo chingakhale cha munthu amene anagula foni pa 14 Febuluwale 2025 pa mtengo wa K250,000, ndipo inayamba kuzima yokha mu Okutobala. Atalemba makeyala ndi tsiku la 9 Okutobala 2025, akhoza kupitiriza motere:

"Okondedwa Bwana Manijala,

"DANDAULO LA FONI YOWONONGEKA WARANTI ISANATHE

"Ndinagula foni mu sitolo yanu pa 14 Febuluwale 2025 pa mtengo wa K250,000. Mtundu wake, nambala ya IMEI ndi nambala ya lisiti ndalemba m'munsimu. Foniyi ili ndi waranti ya miyezi 12, imene idzathe mu Febuluwale 2026.

"Kuyambira pa 2 Okutobala foniyi ikumazima yokha katatu kapena kanayi patsiku, ngakhale batire litakhala pa 60 peresenti. Ikazima siyakanso mpaka nditailumikiza ku chaja. Ndimagwiritsa ntchito chaja imene inabwera m'bokosi. Foniyi sinagwepo, sinanyowepo, ndipo palibe anaitsegula.

"Ndikupempha kuti muikonze mwaulere pasanathe masiku 14. Ngati siingakonzeke, mundipatse ina ya mtundu womwewo kapena mundibwezere ndalama zanga. Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi ya khadi la waranti. Chonde mundiyankhe polemba.

"Ine wanu,"

Pansi pake pamabwera siginecha, dzina lonse ndi nambala ya foni ina imene angamupezerepo, osati ya simu khadi imene ili m'foni yakufayo.

Mtima wa kalatayi ndi ndime yachiwiri. Mawu oti "foni sikugwira ntchito" sathandiza aliyense, chifukwa katswiri akaiyatsa n'kuona yayaka amaibweza kuti ilibe vuto. Vuto lobwera mwa apo ndi apo limafuna kufotokozedwa kuti linayamba liti, limachitika kangati, ndiponso foni ikuchita chiyani panthawiyo. Kavidiyo kojambulidwa ndi foni ina kamalimbitsa umboni. Wolemba asayerekeze kutchula chimene chawonongeka mkati, pokhapokha atauzidwa ndi akatswiri ovomerezeka. Akalemba kuti batire lafa, wogulitsa akhoza kuyankha kuti waranti ya batire ndi yaifupi ndipo inatha kale, pamene mwina vuto lili pena. Zotukwana ndi zoopseza nazonso zilibe malo m'kalatayi, poti ikhoza kudzawerengedwa ndi anthu ena oweruza nkhaniyo.

Masiku 14 aja sakuchokera m'lamulo ayi. Ndi malire amene wolemba amaika yekha kuti padzakhale tsiku loti anene kuti wadikira mokwanira. Zikalata zenizeni sizipita ndi kalata. Lisiti ndi khadi zimatsala kunyumba, kusitolo kumapita mafotokope.

Kaperekedwe kake kali ndi mwambo wake. Kalata imalembedwa ziwiri zofanana, ndipo wolandira amasaina, kulemba tsiku ndi kudinda pa imene wogula abwerere nayo. Akakana kusaina, kalatayo itumizidwe pa imelo kapena pa WhatsApp ya sitoloyo, pamene tsiku ndi nthawi zimaonekera zokha. Posiya foni, wogula amachotsa simu khadi ndi memole khadi, n'kusunga kwina zithunzi ndi manambala, chifukwa pokonza nthawi zambiri amafufuta zonse. Alandirenso kapepala kosonyeza IMEI, tsiku, vuto limene wanena ndi maonekedwe a foni, makamaka kuti sikirini ndi yosasweka. Popanda kapepalako, mng'alu wochitikira m'manja mwa okonza umagwera mwini foni.

Wogulitsa akhoza kuloza wogula kumalo okonzera a kampani yopanga foniyo. Mwachitsanzo, mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix amakonzedwa pa waranti ndi Carlcare. Kupita kumeneko si kulakwa, ndipo kawirikawiri kumafulumizitsa zinthu, koma amene analandira ndalama ndi wogulitsa, ndipo kalata imakhalabe yopita kwa iye.

Masiku aja akatha popanda yankho, wogula amalemba kalata yachiwiri yaifupi yokumbutsa yoyamba ndi tsiku lake, n'kunena kuti atengera nkhaniyo kwina. Ku Malawi madandaulo otere amapita ku bungwe la boma la CFTC, loona kuti malonda azichitika mwachilungamo, ndipo bungwe la ogula la CAMA limathandizanso ndi uphungu. Mawu olembedwa pa lisiti kapena pakhoma oti katundu akagulidwa sabwezedwa samuchotsera wogulitsa udindo pa katundu wowonongeka. Kumeneko akafuna kuona lisiti, khadi la waranti, makalata onse awiri okhala ndi umboni woti analandiridwa, ndi kapepala kosiyira foni.